Kuchoka pa masamba 34 kufika pa tsamba limodzi: lipoti la pulopozo ya sikimu ya mthirira ku Phalombe

Mu Januwale 2024 bungwe lina laling'ono la m'boma la Phalombe linandipempha kuti ndilithandize kutulutsa konseputi noti ya tsamba limodzi, chikalata chachidule chofotokoza ganizo la pulojekiti, kuchokera mu pulopozo yake ya masamba 34. Ntchito yanga ndi yolembera mabungwe ang'onoang'ono zikalata zopemphera thandizo la ndalama, ndipo mkulu wa bungweli atandiimbira lamya ananena kuti ndi ntchito ya tsiku limodzi, popeza zonse zinali zolembedwa kale ndipo chotsala chinali kungofupikitsa. Inatitengera masiku 9, ndipo masiku ambiri mwa amenewa sanathere pa kompyuta. Sinditchula dzina la bungweli kapena la opereka thandizowo, koma china chilichonse ndichifotokoza monga chinayendera, kuphatikizapo pamene ine mwini ndinalakwitsa.

Pulopozoyo inalembedwa mu Seputembala 2023, patadutsa miyezi 6 chichitikireni namondwe wa Freddy, yemwe mu Malichi chaka chimenecho anagumula mapiri ndi kukokolola minda m'maboma a kumwera. M'dera la Mfumu Yaikulu Nkhulambe, kumene bungweli limagwira ntchito, madzi osefukira anagwetsa khoma lopatutsira madzi mumtsinje, nakwirira ngalande yaikulu ya sikimu ya mahekitala 24 ndi mchenga ndi miyala. Pulopozoyo inkapempha K210 miliyoni ya zaka zitatu, ndipo inali ndi zigawo zisanu ndi chimodzi: kukonza khoma ndi ngalande, kugula mapampu oyendera dzuwa, kuteteza nthaka kumtunda kwa mtsinje, mbuzi zopatsirana, magulu a banki m'khonde, ndi maphunziro othana ndi nkhanza za m'banja. Amene inalembedwera poyamba sanaivomereze, ndipo inakhala m'kabati mpaka bungwe lina la kunja, loona za nthaka ndi madzi, litalengeza mwayi watsopano.

Zimene opereka thandizo anafuna

Ndisanatsegule pulopozo ndinawerenga kaye chilengezo cha opereka thandizowo kawiri, ndipo ulendo wachiwiri ndinali ndi pensulo m'manja. Malire ake anali omveka: ndalama zosapitirira madola 50,000 a ku America, nthawi yosapitirira miyezi 18, ndalama zoyendetsera ofesi zosapitirira 10 peresenti, tsamba limodzi lokha m'Chingerezi, zilembo za saizi 11, ndipo osaphatikizapo chikalata china chilichonse. Chofunika kwambiri chinali chiganizo chimodzi cha m'ndime yachitatu, chonena kuti amathandiza ntchito zobwezeretsa nthaka ndi madzi zimene alimi eni ake angathe kuzisamalira thandizo likatha. Mbuzi, banki m'khonde ndi mapampu sizinatchulidwe paliponse.

Apa m'pamene pali kusiyana kumene ambiri sakuona. Pulopozo imayankha funso lakuti ntchito idzagwiridwa motani, mwezi ndi mwezi, ndalama ndi ndalama. Konseputi noti imayankha funso lina, lomwe ndi lakuti kodi munthu amene ali ndi mulu wa masamba patebulo pake aitane bungwe ili kuti litumize pulopozo yonse, kapena alisiye. Wowerengayo sakupereka ndalama tsiku limenelo, akungosankha oti awamve bwino pambuyo pake, ndipo amafuna kudziwa mwamsanga ngati ganizolo likugwirizana ndi cholinga cha bungwe lake, ngati likukwana m'thumba lake, komanso ngati anthu olembawo angalikwanitse. Ndinkazidziwa zimenezi, komabe chifukwa cha changu ndinayamba ndi njira yolakwika.

Kuyesa koyamba, kumene kunakanika

Ndinatenga mutu uliwonse wa pulopozo n'kuufinya kukhala chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Mbiri ya bungwe, mavuto a dera, zolinga, zigawo zonse zisanu ndi chimodzi, kalondolondo, kukhazikika kwa ntchito ndi bajeti, zonse zinalowa. Zinatuluka mawu 780. Tsamba la A4 lokhala ndi zilembo za saizi 11, malire a m'mbali abwinobwino ndi timitu tingapo limanyamula mawu a Chingerezi pafupifupi 500, choncho kuti zikwane ndinatsitsa zilembo kufika pa saizi 9 ndi kuchepetsa malire mpaka mawu anafika m'mphepete mwa pepala. Ndinadziuza kuti zilembozo ndidzazikweza ndikamaliza kudulira, koma kunena zoona panalibe chodulira, chifukwa chiganizo chilichonse chinali chitanyamula chigawo chathunthu cha pulojekiti.

Pali muyeso umene ndimachita ndisanatumize chikalata chotere. Ndimachipereka kwa munthu wophunzira amene saidziwa ntchitoyo, ndimamupatsa mphindi ziwiri, kenaka ndimamulanda pepalalo n'kumufunsa kuti andiuze chimene anthuwa akufuna kuchita, kumene akufuna kuchichita, ndi ndalama zimene akupempha. Ulendo uno ndinapereka kwa mayi wina, mphunzitsi wa ku sekondale, yemwe ndi mnansi wanga. Atawerenga anavula magalasi, n'kunena kuti: "Achimwene, Phalombe ndamuona, mbuzi ndaziona, koma sindikudziwa ngati anthuwa akufuna kumanga ngalande kapena kuphunzitsa mabanja. Ndalama sindinazipeze." Ndalamazo zinalipo, koma zinali mu mzere womaliza, zitapanikizika pakati pa nambala ya kaundula wa bungwe ndi keyala ya imelo.

Yankho limeneli linandisonyeza kuti vuto silinali kutalika kwa ziganizo. Pulopozo ya masamba 34 imatha kubisa mapulojekiti atatu pansi pa mutu umodzi, chifukwa wowerenga akamafika pa tsamba 20 amakhala ataiwala za pa tsamba 6, koma tsamba limodzi silibisa kanthu. Mu pulopozoyi munali pulojekiti ya madzi ndi nthaka, pulojekiti ya chuma cha pabanja, ndi pulojekiti ya ubale wa amayi ndi abambo, zonse zitamangidwa pamodzi ndi mawu akuti kulimbitsa madera kuti azipirira ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mawu amenewa amalowa pena paliponse, ndipo ndi chifukwa chake sauza wowerenga chilichonse.

Kusankha chimodzi

Tsiku lachitatu ndinapita ku Phalombe kukakhala pansi ndi mkulu wa bungwe, wosunga chuma ndi mlangizi wawo wa kumunda. Ndinalemba zigawo zisanu ndi chimodzi zija pa tchati, ndipo pa chilichonse tinadzifunsa kuti: tikachichotsa ichi, kodi madzi adzafikabe m'minda ya alimi ndi kupitiriza kufika chaka chotsatira? Popanda khoma ndi ngalande madzi safika. Popanda kuteteza kumtunda madzi afika chaka chimodzi, kenaka mchenga udzakwiriranso ngalande. Popanda komiti ya ogwiritsa ntchito madzi yodziwa ntchito yake, palibe wochotsa mchengawo kapena wogawa madzi mwachilungamo. Zitatu izi ndi chingwe chimodzi. Mapampu oyendera dzuwa anali oti akulitse sikimu kumalo okwera kumene ngalande siifika, ndipo kukulitsa chinthu chimene chili chofa kulibe tanthauzo. Mbuzi, banki m'khonde ndi maphunziro aja ndi ntchito zabwino, koma madzi sayembekezera zimenezo kuti ayende.

Mkulu wa bungwe sanakondwe, ndipo chifukwa chake chinali chomveka. Anati: "Bambo, mbuzizo tinakazitchula ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera, mafumu anamva, ndipo amayi ena anayamba kale kukonza makola. Ndikabwerere kukanena chiyani?" Ili ndi vuto lenileni limene olemba zikalata ali m'tauni saliona. Pulopozo ya bungwe la kumudzi imadutsa m'makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a dera, kenaka ku khonsolo ya boma, ndipo chilichonse chotchulidwa pamsonkhano chimasanduka lonjezo ngakhale ndalama zisanapezeke. Wosunga chuma ndiye anatithandiza, pokumbutsa abwana ake mwaulemu kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo kuti pulopozo yonyamula zonse ija inali itagwa kale kamodzi. Tinagwirizana kuti mbuzi ndi banki m'khonde zisungidwe kuti zidzapemphedwe kwa ena oona za chuma cha pabanja, ndipo kuti mkulu wa bungwe akafotokoze zimenezi ku komiti ya dera tisanatumize chikalata, osati pambuyo pake. Anapita tsiku lachisanu. Sindinali nawo pamsonkhanowo, koma anabwera ndi chilolezo chawo, ndipo wapampando wa sikimu anatumiza uthenga wakuti madzi akabwera mbuzi adzagula okha.

Nkhani ya amayi sitinaitaye, koma tinaichotsa pa maphunziro n'kuiika pamene inali kale m'ntchito yeniyeni. M'kaundula wa sikimu, eni mapuloti 146 mwa 240 anali amayi, pamene m'komiti ya anthu 10 munali amayi awiri okha. Chiganizo chimodzi chonena manambala amenewa, ndi chonena kuti komiti yatsopano idzasankhidwa ndi theka la mipando kwa amayi, chinanena zambiri kuposa masamba atatu a mu pulopozo.

Manambala amene sankagwirizana

Titasankha pulojekiti, ndinabwerera mu pulopozo kukatola manambala, ndipo ndinapeza kuti opindula anatchulidwa mwa njira zitatu. Mawu oyamba ankanena za anthu 6,000, ndime ya mavuto inkanena za mabanja 1,200, pamene tebulo la zotsatira linkanena za alimi 240. Nditafufuza ndinapeza kuti 1,200 anali mabanja onse a m'midzi yozungulira, ndipo 6,000 inabwera pochulukitsa mabanjawo ndi 5. Okhala ndi malo musikimu anali 240, aliyense ndi puloti ya gawo limodzi mwa magawo 10 a hekitala. M'chikalata chachitali manambala atatuwa amakhala motalikirana ndipo palibe amene amawayerekeza, koma pa tsamba limodzi akanakhala moyandikana ngati anthu atatu osagwirizana pa benchi imodzi.

Ndinalimbikira kuti tilembe 240, ngakhale kuti nambala yaikulu imaoneka yokopa. Wowerenga wozolowera ntchitoyi amagawa ndalama zopemphedwa ndi chiwerengero cha opindula asanamalize n'komwe kuwerenga. Madola 48,000 kwa anthu 6,000 ndi madola 8 pa munthu, ndipo aliyense amene anaonapo ntchito ya mthirira amadziwa kuti madola 8 sabweretsa madzi m'munda wa munthu, choncho akanatiyesa osadziwa ntchito kapena okokomeza. Madola 48,000 kwa mabanja 240 ndi madola 200 pa banja, kapena madola 2,000 pa hekitala, ndipo imeneyi ndi nambala imene munthu angathe kuiteteza pokonza sikimu yoyenda ndi ngalande. Pofuna kutchula anthu a m'mabanjawo tinagwiritsa ntchito kalembera wa 2018, yemwe anapeza kuti banja la m'Malawi limakhala ndi anthu 4.4 pa avereji, ndipo tinalemba kuti anthu pafupifupi 1,050. Midzi ya kumtunda, imene minda yake idzatetezedwa, tinaitchula padera monga opindula m'njira ina, popanda kuiphatikiza pa 240.

Bajeti nayo sinali yongodula. Inalembedwa mu Seputembala 2023, pamene dola inkagulitsidwa pafupifupi K1,180 ku banki, ndipo mu Novembala chaka chomwecho Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700. K210 miliyoni ija, imene inali pafupifupi madola 178,000 poilemba, inali tsopano pafupifupi madola 123,500, koma simenti, mapaipi, waya womangira miyala wa magabiyoni ndi mafuta zinali zitakwera. Tikanangotenga mizere ya m'kwacha yakale n'kuigawa ndi 1,700, tikanapempha ndalama zochepa kuposa mtengo weniweni wa ntchito, ndipo konseputi noti ikavomerezedwa ndi nambala inayake kumakhala kovuta kuikweza pa pulopozo yonse. Wosunga chuma anatha masiku awiri akutenga makotesheni atsopano ku Limbe, ndipo injiniya wopuma pantchito, yemwe anayeza khoma poyamba, anawerengeranso matumba a simenti ndi miyala. Zinatuluka motere: madola 27,000 okonzera khoma ndi ngalande ya makilomita 1.8, madola 11,000 a vetiva, mitengo ndi timakoma ta miyala totchinga zigwembe kumtunda, madola 5,200 ophunzitsira komiti ndi kalondolondo, ndi madola 4,800 oyendetsera ofesi, omwe ndi 10 peresenti ndendende. Zonse pamodzi madola 48,000, kapena K81.6 miliyoni. Pa tsambalo tinalemba mtengo wa dola umene tinagwiritsa ntchito ndi mwezi wake, kuti kwacha ikadzasunthanso pasadzakhale kukayikirana.

Tsamba lenilenilo

Ulendo wachiwiri sindinatsegule pulopozo polemba. Ndinayamba ndi pepala loyera, manambala otsimikizika ali pambali, chifukwa ndinaona kuti ndikamayang'ana ziganizo zakale ndimazimvera chisoni n'kuyamba kuzisunga. Chikalatacho chinali m'Chingerezi, koma pano ndipereka ziganizo zake m'Chichewa.

Mutu wa pulopozo unali wa mawu 23, wonena za kulimbitsa madera, kusintha kwa nyengo ndi njira zophatikiza. Mutu watsopano unati: kubwezeretsa madzi m'mahekitala 24 a mthirira ndi kuteteza mtsinje wake ku Nkhulambe, Phalombe. Pansi pake panali mzere umodzi wonyamula dzina la bungwe, ndalama zopemphedwa, ndi nthawi ya miyezi 14, kotero kuti munthu wowerenga mizere iwiri yokha akanatha kuyankha mafunso atatu a mnansi wanga uja.

Ndime ya vuto ndiyo inandivuta kwambiri, ndipo ndiyo inasintha kwambiri. Pulopozo inayamba ndi masamba anayi ofotokoza Malawi, kuti ndi dziko lopanda nyanja yamchere, kuti anthu ambiri amadalira ulimi, kuti masomphenya a Malawi 2063 akunena zakuti ndi zakuti. Zonsezi ndi zoona, koma wowerenga amene amalandira mapempho ochokera ku Malawi wazimva kambirimbiri, ndipo sizimuuza chifukwa chothandizira sikimu iyi osati ina. Ndime yatsopano inati: "Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa khoma lopatutsira madzi ndi kukwirira ngalande ya makilomita 1.8. Mabanja 240 amene ankakolola kawiri m'chilimwe pa mahekitala 24 chaka chatha anathirira mahekitala 5 okha ndi makeni. Mchenga unachokera m'zigwembe zisanu ndi ziwiri za kumtunda, ndipo zikapanda kutsekedwa, ngalande yokonzedwa idzakwiririkanso." Chiganizo chachitatucho ndicho mlatho wopita ku cholinga cha opereka thandizo, pakuti chikusonyeza kuti ntchito ya nthaka si chokometsera chowonjezedwa kuti tiwasangalatse, koma ndi chimene chidzapulumutse simenti yawo. Nambala ya mahekitala 5 inachokera m'buku la komiti ya sikimu, ndipo mlangizi anapita kukawerenga mapuloti kuti aitsimikize, pomwe zigwembezo anaziyenda yekha ndi kuzijambula.

Ndime ya zochita inatenga malo aakulu koposa, mawu pafupifupi 130, ndipo chiganizo chilichonse chinayamba ndi mneni wooneka ndi maso: kumanga, kukumba, kudzala, kusankha. Ndinachotsa aneni onse osaoneka monga kulimbikitsa, kupititsa patsogolo ndi kuzindikiritsa, chifukwa munthu sangathe kupita kumunda kukaona ngati kulimbikitsa kwachitika. M'ndime yomweyi munalowa chopereka cha alimi, chomwe ndi mchenga, miyala ndi kukumba ngalande, komanso nyengo: kumanga kuyambira Ogasiti mpaka Novembala mvula isanayambe, kudzala vetiva ndi mitengo mu Disembala ndi Januwale nthaka ili yonyowa, ndi kuthirira koyamba mu Meyi 2025. Kutchula miyezi kumeneku kunali ndi cholinga china, chomwe ndi kuuza opereka thandizo mwaulemu kuti ndalama zikachedwa kupitirira Julayi, chaka chonse chatayika.

Pa zotsatira tinasiya ziwiri zokha mwa zizindikiro 19 za mu pulopozo: mahekitala olandira madzi kuchoka pa 5 kufika pa 24 pofika Ogasiti 2025, ndi ngalande kukhalabe yotseguka ikadutsa mvula yoyamba. Zokolola ndi ndalama za m'thumba la mlimi tinazisiya, chifukwa zimadalira mtengo wa feteleza ndi misika, zimene pulojekitiyi siilamulira, ndipo si nzeru kulonjeza pa tsamba limodzi chinthu chimene sungachiteteze popanda masamba ena atatu.

Za bungwe lenilenilo tinalemba mawu pafupifupi 60: chaka chimene linayamba, kuti ndi lolembetsedwa ku NGORA, yomwe imayang'anira mabungwe omwe si aboma, ndipo ndi membala wa CONGOMA, mgwirizano wa mabungwewo, kuti mabuku ake a chuma a zaka ziwiri zapitazo anafufuzidwa ndi akatswiri oima paokha, ndi kuti linamalizapo ntchito ya madola 35,000 yoteteza nthaka m'dera lomwelo. Nambala yomalizayi ndi yofunika chifukwa wowerenga amayerekeza zimene mukupempha ndi zazikulu zimene munasungapo. Mkulu wa bungwe anapempha kuti masomphenya a bungwe, mawu 28, alowe pano. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinavomera chifukwa anali atagonja kale pa mbuzi. Kuti mawuwo apeze malo ndinachotsa chiganizo chonena za ndalama zimene alimi amasonkha zosamalira ngalande, ndipo uku kunali kulakwitsa kwanga, monga zinadzaonekera.

Zonse zinakwana mawu 492. Mnansi wanga atawerenganso anayankha mafunso onse atatu mphindi imodzi isanathe, nawonjeza yekha kuti vuto lili kumtunda. Usiku woti titumize mawa lake, nditasandutsa chikalatacho kukhala PDF pa kompyuta ya bungwe, mizere iwiri yomaliza inagwera pa tsamba lachiwiri, chifukwa kompyutayo inali pa saizi ya pepala ya Letter, yomwe ndi yaifupi ndi mamilimita 18 poyerekeza ndi A4. Tinasintha saiziyo, tinasindikiza pa pepala kuti tione ndi maso, ndipo tinatumiza kutatsala tsiku limodzi.

Yankho ndi zimene linaulula

Yankho linabwera kumapeto kwa Malichi 2024, sabata imene Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anali atangolengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Bungweli linaitanidwa kutumiza pulopozo yonse, ndipo kalatayo inali ndi mafunso atatu. Ndimawerenga mafunso otere mosamala kuposa mawu oyamikira, chifukwa amasonyeza pamene tsamba linasiya dzenje.

Funso loyamba linali la ndondomeko ya nthawi: ngati ngalande imalizidwa mu Novembala ndipo vetiva adzalidwa mu Disembala, n'chiyani chidzateteze ngalandeyo ku mchenga wa mvula yoyamba, pamene udzu usanagwire? Linali funso la munthu wodziwa ntchito, ndipo yankho linalipo, chifukwa timakoma ta miyala tinali toti timangidwe m'chilimwe pamodzi ndi khoma, ndipo injiniya anali ataika dzenje losefera mchenga pamutu pa ngalande. Pofupikitsa ndinaphatikiza ntchito zonse za kumtunda m'chiganizo chimodzi chokhala ndi mwezi umodzi, n'kupanga chithunzi chimene sichinali choona. Mawu 8 owonjezera akanakwanira kukonza zimenezi.

Lachiwiri linali la malo ndi chilolezo chopatutsa madzi. Malowo ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu, ndipo mgwirizano wolembedwa pakati pa eni malo ndi komiti unalipo, koma chilolezo cha ku National Water Resources Authority sikimuyi inalibe, ndipo pulopozo yakale sinachitchule n'komwe pa masamba ake onse 34. Ichi sichinali cholakwika cha kufupikitsa, chinali chosowa cha pulojekiti chimene wowerenga anachiona chifukwa panalibe zambiri zomusokoneza. Bungwe linayamba kutsata chilolezocho kudzera ku ofesi ya mthirira ya pa boma, ndipo mtengo wake unalowa mu bajeti yonse, titachepetsa pa maphunziro kuti chiwerengero cha 48,000 chisasinthe.

Lachitatu linali lakuti adzalipire ndani kusamalira ngalande pulojekiti ikatha, lomwe ndi funso lochokera mwachindunji m'chiganizo chija ndinachidula mzere ndi pensulo tsiku loyamba. Yankho linali m'chiganizo chimene ndinachichotsa: mwini puloti aliyense amasonkha ndalama ku komiti pa nyengo iliyonse yothirira, ndipo buku la msonkhowo lilipo kuyambira sikimu isanawonongeke. Ndinamuonetsa mkulu wa bungwe funsolo pafupi ndi ndime ya masomphenya, popanda kunena kanthu. Anawerenga, anaseka pang'ono, n'kutuma mlangizi kuti mawa lake akwere njinga yamoto kupita kwa mlembi wa sikimu kukajambula masamba a buku la msonkho, kuti tidziwe kuti mwa anthu 240 aja ndi angati ankalipiradi.